Shuga wa mu juwisi ndi wa mu zakumwa zoziziritsa kukhosi: uthenga kwa makolo ndi olera ana

Makolo ambiri muno mu Lilongwe amapewa kugulira mwana chakumwa choziziritsa kukhosi n'kumugulira juwisi wa m'kabokosi, poganiza kuti chakumwa chimene chili ndi chithunzi cha lalanje kapena bango sichingafanane ndi cha m'botolo. Pa nkhani ya shuga, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri zimakhala ndi shuga wokwana magalamu 10 kapena 11 pa mamililita 100 alionse. Juwisi wa malalanje wosathirako chilichonse amakhala ndi magalamu apakati pa 8 ndi 10, wa maapozi amakhala ndi pafupifupi magalamu 10, pomwe wa mphesa amafika mpaka magalamu 15, kuposa zakumwa za m'botolo.

N'zoona kuti juwisi weniweni amakhala ndi mavitamini, makamaka vitamini C, amene sapezeka mu zakumwa zoziziritsa kukhosi. Komabe Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, mu malangizo ake a mu 2015, linaika shuga wa mu juwisi m'gulu limodzi ndi shuga wothira ndiponso uchi, pomwe shuga wa m'chipatso chathunthu ndi wa mu mkaka silinamuwerengere m'gululi. Chifukwa chake n'chakuti chipatso chikafinyidwa, zamkati zija zimene zimatsala m'sefa zimatayidwa, ndipo zimenezi ndi zomwe zimachititsa kuti shuga alowe m'magazi pang'onopang'ono komanso kuti mwana akhute. Mwana akadya lalanje limodzi nthawi zambiri amaleka yekha, koma kapu imodzi ya juwisi imatenga malalanje awiri kapena atatu, ndipo amaigugudiza kamodzi n'kupemphanso ina.

Kawerengedwe ka shuga wa m'chakumwa

Kumbuyo kapena m'mbali mwa kabokosi ndi botolo mumakhala mndandanda wa zimene zili m'chakumwacho. Pezani mzere wa shuga, ndipo muonetsetse kuti nambala imene mukuwerengayo ndi ya pa mamililita 100, chifukwa ndi yokhayo imene ingakuthandizeni kuyerekeza zakumwa ziwiri za kukula kosiyana. Nambalayo muichulukitse ndi mamililita onse a chakumwacho n'kugawa ndi 100, kenako mugawenso ndi 4 kuti mupeze masipuni, poti sipuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga wokwana pafupifupi magalamu 4.

Tiyerekeze kuti mwana wa zaka zisanu akupita kusukulu ya mkaka ndipo m'chikwama mwake mwaikidwa kabokosi ka juwisi ka mamililita 250, kolembedwa kuti kali ndi magalamu 11 pa mamililita 100. Kabokosi konseko kali ndi magalamu 27.5, amene ndi masipuni pafupifupi 7. Botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300, la magalamu 10.6 pa mamililita 100, lili ndi magalamu pafupifupi 32, omwe ndi masipuni 8. Kusiyana kwa ziwirizi ndi sipuni imodzi yokha basi.

Malangizo a bungwe lija amati shuga wotereyu asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku limodzi, ndipo ndi bwino koposa atachepera theka la mlingo umenewo. Kwa mwana wa msinkhu uwu, malirewo ndi masipuni pafupifupi 9 patsiku, ndipo mlingo wabwino koposa ndi masipuni 4 kapena kucheperapo. Ngati m'mawa anadya phala lothira masipuni awiri n'kumweranso tiyi wa masipuni awiri, ndiye kuti pomafika nthawi yoweruka kusukulu, kuphatikizapo juwisi wa m'kabokosi kaja, amakhala atamwa kale masipuni 11, asanalawe bisiketi kapena switi. Shuga wogulitsidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, koma chimenechi si chifukwa chomuwonjezerera m'kapu ya mwana.

Muyeneranso kudziwa kuti zambiri zimene timazitchula kuti juwisi si madzi a zipatso okhaokha. Zinthu zopangira chakumwa zimalembedwa motsatana kuyambira chimene chachuluka, choncho ngati madzi ndi shuga zili koyambirira ndipo chipatso chili kumapeto, chakumwacho ndi madzi a shuga onunkhiritsa. Zakumwa zosungunula ndi madzi, za ufa wa m'timapaketi ndiponso mafilizesi ogulitsidwa pageti la sukulu zili m'gulu lomweli. Thobwa, maheu ndi madzi a malambe kapena a bwemba opangira pakhomo n'zabwino kapena zoipa malingana ndi dzanja la amene akuthira shuga.

Zimene zimachitika m'thupi mwa mwana

Vuto loyamba kuonekera limakhala la mano. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amakokolola kunja kwa dzino, ndipo juwisi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimakhalanso ndi asidi wakewake. Chimene chimawononga kwambiri ndi kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse, kapena kugona ndi botolo la chakumwa chotsekemera, chifukwa malovu amachepa usiku ndipo mano amakhala atanyowa ndi shuga kwa maola ambiri. Kwezani mlomo wam'mwamba wa mwana wanu n'kuyang'ana mano akutsogolo pafupi ndi nkhama. Mukaona timizere toyera ngati choko, kuwola kwayamba, koma pa nthawi imeneyi kungathe kuimitsidwa mwa kuchepetsa shuga ndi kutsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi. Mawangawo akada kapena pakachita kabowo, pitani naye kwa dokotala wa mano mosazengereza, ngakhale atakhala mano a ubwana amene adzaguluke.

Mwana womwa zotsekemera asanadye amakana nsima ndi ndiwo, pomwe wina amanenepa mopitirira muyeso. Mwana akatsegula m'mimba, musamupatse juwisi kapena chakumwa choziziritsa kukhosi, chifukwa shuga wochuluka amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegulako kumakulirakulira. Mupatseni madzi a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki monga mwa malangizo a kuchipatala, ndipo mupitirize kumuyamwitsa ndi kumudyetsa.

Zoyenera kupatsa mwana

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi limafunika mkaka wa m'mawere wokha. Bungwe la madokotala a ana la ku America, mu 2017, linalangiza kuti mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe juwisi ngakhale pang'ono, wa chaka chimodzi mpaka zitatu asapitirire mamililita 120 patsiku, amene ndi pafupifupi theka la kapu, ndipo wa zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi asapitirire mamililita 180. Juwisiyo aperekedwe m'kapu wamba pa nthawi ya chakudya, osati m'botolo loyenda nalo.

Ludzu lithetsedwe ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo m'chikwama cha kusukulu muziikidwa botolo la madzi ndi chipatso cha nyengo yake: mango ndi masuku chakumapeto kwa chaka, magwafa mvula ikamatha, manachesi m'miyezi yozizira, nthochi ndi mapapaya nthawi ina iliyonse. Mkaka wosathira shuga nawonso ndi woyenera kwa mwana wopitirira chaka chimodzi.

Mwana wozolowera zotsekemera sangasinthe tsiku limodzi. Yambani n'kusakaniza juwisi ndi madzi mofanana, kenako muziwonjezera madzi mlungu uliwonse mpaka lilime lake litazolowera, ndipo muchite chimodzimodzi ndi shuga wa mu tiyi ndi m'phala, pochotsako theka la sipuni nthawi iliyonse. Auzeninso agogo, azakhali ndi wantchito wapakhomo za dongosololi, chifukwa nthawi zambiri ndi iwo amene amakhala ndi mwana masana.