Mlendo akakuuzani kuti tsiku mwalakwitsa, tsegulani kaye bukhu

"Palibe vuto mayi, ingobwerani." Yankho limeneli ndalimva kambirimbiri pa resepishoni, ndipo limandiwawa nthawi zonse. Ndagwira ntchito m'nyumba zogona alendo kwa zaka zambiri, pano ndikuyang'anira kanyumba ka zipinda 6 ku Zomba, ndipo ndikunenetsa kuti mawu amenewa, ngakhale amamveka aulemu, ndi amene amagonetsa mlendo panja.

Nkhani imakhala chonchi. Mlendo wabukitsa chipinda, walipira dipoziti, inu mwamutumizira uthenga wotsimikizira. Akauwerenga akupeza kuti tsiku lofikira si limene ananena. Akulemba: "Pepani, ndinati pa 12, koma apa mwalemba pa 13." Amene wagwira foni akuchita manyazi, akufuna nkhani ithe msanga, ndiye akupepesa asanayang'ane chilichonse.

Zinatichitikira ifeyo, ndipo mpaka lero sindinaziiwale. Mayi wina wa ku Lilongwe ankabwera ku ukwati wa Loweruka pa 13 Julaye, pamodzi ndi amayi ake okalamba. Anapempha masiku awiri: kufika Lachisanu pa 12, kunyamuka Lamulungu pa 14. Mnyamata wathu anamva za ukwati wa pa 13, tsikulo linamukhala m'mutu, ndipo ndi limene analemba m'bukhu komanso mu uthenga. Mayiyo anaona cholakwikacho kutatsala masabata awiri athunthu, natiuza. Anayankhidwa mwaulemu kuti palibe vuto. Koma m'bukhu dzina lawo linatsalabe pa 13. Chipinda chawo cha usiku wa Lachisanu tinachipereka kwa munthu wina wobwera ku ukwati womwewo. Anafika cha m'ma 9 koloko usiku, kukuzizira monga mukudziwira Zomba mu Julaye, gogo uja ali ndi ndodo, atafunda chitenje, ataima pakhonde. Ndinawapezera malo kwina ndipo ndinalipira ndekha, koma mayiyo anandionetsa foni yake, uthenga wathu uli pomwepo wakuti palibe vuto. Ndinasowa chonena.

Choncho musanalembe liwu lililonse, bwererani ku uthenga woyamba wa mlendo muone chimene anapempha. Kenako tsegulani bukhu pa tsiku loonalo muone ngati chipinda chilipo. Ndipo muyang'anenso tsiku lonyamuka, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Tsiku lofikira likasuntha, lonyamuka nalonso kawirikawiri limakhala lasuntha. Kwa mayi aja tinalemba 13 mpaka 15, kutanthauza kuti tinasunga usiku wa Lamulungu umene sankaufuna, n'kutaya wa Lachisanu umene ankaufuna. Mukakonza mbali imodzi yokha, mlendo aoneka ngati agona masiku atatu, ndipo mkangano wa ndalama uyambira pomwepo.

Mukapeza kuti chipinda chilipo, sinthani m'bukhu nthawi yomweyo, kenako muyankhe. Uthenga umene tikanawatumizira mayi aja ndi uwu:

"Mayi, zikomo potidziwitsa. Mukunena zoona, talakwitsa ndife, ndipo pepani kwambiri. Takonza: mufika Lachisanu pa 12 Julaye, munyamuka Lamulungu pa 14 Julaye, masiku awiri, chipinda cha mabedi awiri. Mtengo sunasinthe, ndi K45,000 pa usiku, ndipo dipoziti yanu ya K45,000 tinalandira. Uthenga woyamba uja musaugwiritsenso ntchito. Chonde tiyankheni ngati masikuwa ali bwino, komanso mutiuze nthawi imene mukuyembekeza kufika."

Taonani kuti tsiku lalembedwa ndi dzina lake, Lachisanu, ndipo mwezi walembedwa m'mawu. Ichi sindinyengerera nacho munthu. Munthu akhoza kuphonya nambala, koma wopita ku ukwati wa Loweruka akaona kuti mwamulembera kufika Loweruka lomwelo, azindikira msanga. Ndipo ngati mumalandira alendo akunja, kulemba 04/05 n'kudziputira mavuto: ife timawerenga kuti pa 4 Meyi, pamene wa ku America amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iye ndi pa 5 Epulo.

Kupepesa kukhale kamodzi. Ena amadzaza uthenga ndi pepani kasanu, tsiku lenilenilo n'kubisika pakati. Mlendo akufuna kudziwa ngati ali ndi pogona. Komanso musamuuze kuti analakwitsa ndi mnyamata wa pa resepishoni, kapena kuti netiweki inavuta. Iye anabukitsa ku nyumba yanu, osati kwa mnyamatayo. Nenani kuti talakwitsa ndife, za mnyamata mukakambirana kuseri.

Nanga mukabwerera ku uthenga woyamba n'kupeza kuti mlendo ndi amene analemba 13? Musamutumizire chithunzi cha uthenga wake ngati umboni wa kukhoti. Ingolembani kuti, "Bambo, mu uthenga woyamba tinaona pa 13, koma tasintha, tsopano ndi Lachisanu pa 12." Choonadi mwanena, ndipo munthu simunamuchititse manyazi.

Chovuta ndi pamene chipinda palibe. Apa ndi pamene anthu amakhala chete, n'kumayembekeza kuti mwina wina asintha maganizo, chipinda chipezeka. Musatero, chonde. Tsiku lililonse limene mwakhala chete, malo ena oyandikana nanu akudzaza, makamaka kumapeto a sabata kukakhala ukwati kapena mwambo wa omaliza maphunziro ku yunivesite. Mlendo amene mwamuuza kutatsala masabata awiri akhoza kupeza kwina mosavuta. Amene mwamuuza ali kale m'basi alibe kolowera. Muimbireni foni tsiku lomwelo, musangolemba. Muuzeni mosabisa kuti usiku wa Lachisanu zipinda zonse zadzaza chifukwa cha kulakwitsa kwanu, ndipo mumupatse zoti asankhe: mumupezere chipinda chofanana pafupi, inu n'kulipira ndalama yoonjezerapo ngati kumeneko n'kodula, kapena mumubwezere dipoziti yonse popanda kudulapo kanthu. Koma musanamulonjeze malo enawo, muwaimbire kaye, akutsimikizireni. Mukamaliza kulankhula pa foni, lembani zimene mwagwirizana mumutumizire. Ndipo musachotse mlendo wina amene anabukitsa bwinobwino kuti mukonze cholakwa chanu.

Ngati mlendo anabukitsa kudzera pa tsamba la pa intaneti, kukonza pa WhatsApp pokha sikukwanira. Tsikulo lisinthidwenso pa tsambalo, apo ayi chipinda cha Lachisanu chizionekabe ngati chilipo, wina achigula.

Kwa inu alendo, chenjerani ndi aliyense amene akuti tsiku likonzedwa mukatumiza kandalama kena, makamaka ku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yosiyana ndi imene munalipirako poyamba. Kukonza cholakwa cha eni nyumba sikulipiritsidwa. Chenjeraninso ndi adobadoba amene amati "ndikuyankhulirani, bwana ndimadziwana nawo." Iwo sagwira bukhu. Imbani pa nambala ya nyumbayo, ndipo musakhutire ndi mawu akuti palibe vuto mpaka mutalandira uthenga watsopano wokhala ndi tsiku lofikira, tsiku lonyamuka ndi ndalama zimene munalipira kale.

Kwathu kuno, chichitikireni za mayi aja, amene wasintha tsiku m'bukhu amadula mzere umodzi pa lakalelo kuti lizionekabe, amasainira pambali, ndipo wa usiku akamalowa ntchito amauzidwa pakamwa. Kutatsala masiku awiri kuti mlendo afike, timamutumizira uthenga wina womukumbutsa, tsiku lolembedwa ndi dzina lake.