Magetsi akazima mu Joni, vuto limakhala pati?

Funso limene a kwathu okhala mu Joni amandifunsa kawirikawiri akadziwa kuti ndimagwira ntchito zamagetsi ndi lakuti: kodi n'chifukwa chiyani kwathu kuli mdima pamene a Eskom, kampani ya magetsi ya boma la South Africa, alengeza kuti sakuzimitsa magetsi? Yankho lake lagona pa ulendo umene magetsi amayenda, chifukwa mdima umene munthu amauona m'nyumba ndi umodzimodzi, koma pamene padukira ulendowo ndi posiyanasiyana.

Magetsi ambiri a dziko lino la South Africa amachokera ku malasha. Masiteshoni akuluakulu monga Kendal, Matla, Duvha ndi Kusile ali ku Mpumalanga, pamene Medupi ndi Matimba ali ku Lephalale m'chigawo cha Limpopo. Kumeneko amapera malasha kukhala fumbi, n'kuwawotcha kuti awiritse madzi m'mapaipi, ndipo nthunzi yake imakankha mapiko a makina amene amazunguza jenereta maulendo 3,000 pa mphindi imodzi. Kwathu ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ntchito yokankha makinayi imagwiridwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Jenereta imatulutsa magetsi a mavolti pafupifupi 20,000, ndipo pasiteshoni pomwepo thiransifoma imawakweza kufika pa 275,000, 400,000 kapena 765,000. Ambiri amaganiza kuti amawakweza chonchi kuti athamange, koma cholinga chake ndi kuchepetsa kutentha kwa mawaya. Jenereta imodzi ya mamegawati 600 imatulutsa maampeya pafupifupi 17,000, omwe angatenthetse waya wautali mpaka mphamvu yambiri kuthera m'njira. Mavolti akakwezedwa maulendo 20 kufika pa 400,000, maampeya amatsika maulendo 20 n'kukhala osakwana 900, ndipo mphamvu yotayika ndi kutentha imachepa maulendo 400. N'chifukwa chake mumaona nsanja zachitsulo zitandandalika m'mbali mwa msewu wa N12 wopita ku eMalahleni. Magetsiwo akafika mumzinda, amatsitsidwa pang'onopang'ono: kufika pa 88,000 m'masiteshoni a City Power, kampani yogawa magetsi mumzinda wa Johannesburg, kenako pa 11,000 m'makebulo apansi panthaka, mpaka afike pa bokosi lachitsulo long'ung'udza lija la pangodya ya msewu, limene limawatsitsa kufika pa mavolti 230 a m'soketi mwanu.

Chimene munthu ayenera kuchimvetsa bwino ndi chakuti mawaya onsewa sasunga magetsi. Mphamvu imene ketulo yanu ikugwiritsa ntchito ikupangidwa sekondi yomweyo, choncho zimene masiteshoni akupanga ziyenera kufanana nthawi zonse ndi zimene dziko lonse likukoka. Amene anaperekezapo chimanga kuchigayo cha dizilo amadziwa kuti woyendetsa akathira chambiri nthawi imodzi, kulira kwa injini kumatsika, ndipo akapitiriza imazima. Majenereta onse a dziko lino amazungulira mogwirizana kuti magetsi azisinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo katundu akachuluka liwiro limeneli limayamba kutsika. Akatswiri a Eskom a ku likulu loyendetsera magetsi la Simmerpan ku Germiston amayang'anira nambala imeneyi usana ndi usiku. Ikatsika kwambiri, majenereta amadzichotsa okha kuti asawonongeke, otsalawo amalemedwa kwambiri n'kutsatira, ndipo dziko lonse likhoza kugwa mumdima umene ungatenge masiku ambiri kuti uthe, popeza siteshoni ya malasha imafuna magetsi kuti iyonso iyambe.

Kuzimitsa magetsi mosinthana, kumene kunayamba mu 2007 n'kufika poipa kwambiri mu 2023, ndi njira yopewera ngozi imeneyi. Siteji iliyonse imachotsa mamegawati okwana 1,000, kotero kuti siteji 6 imatanthauza 6,000, mphamvu yoposa ya siteshoni yonse ya Kendal. Gwero lake nthawi zambiri linali makina okalamba: paipi ya nthunzi ikabooka, jenereta yonse imayima kwa masiku angapo, chifukwa ng'anjo iyenera kuzizira kaye amisiri asanalowemo kukawotcherera. Kuzimitsa mosinthanaku n'kosavuta kukuzindikira, chifukwa kumalengezedwa, kumatsata ndandanda, ndipo kumakhudza dera lonse pa ola lake.

Koma mdima wambiri umene timakumana nawo m'madera mwathu umayambira pafupi, pakati pa siteshoni ya m'dera ndi geti lathu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze thiransifoma imene ingasenze makilowati pafupifupi 500, yoikidwa kuti idyetse nyumba 100. Patapita zaka, kuseri kwa nyumba iliyonse kwamangidwa zipinda ziwiri za lendi, ndipo mabanja afika 300. Madzulo a mwezi wa Juni, cha m'ma 6 koloko, banja lililonse layatsa hita ya makilowati 2, zomwe zikupereka makilowati 600 tisanawerengere mbaula, ketulo ndi giza imene payokha imakoka makilowati 3. Thiransifoma ija imatentha, mafuta ake oziziritsa amalephera ntchito, ndipo zikayenda bwino fyuzi imapsa n'kuiteteza. Zikavuta, makamaka pamene wina anamangirira waya wokhuthala m'malo mwa fyuzi, thiransifoma yeniyeniyo ndi imene imapsa, ndipo kudikira ina kumatenga nthawi yaitali kuposa kusintha fyuzi. Sindikuloza chala anthu a m'zipinda za lendi, pakuti ambiri a ife tinayambira momwemo ndipo kuzizira kwa kuno si kwamasewera, koma thiransifoma imangoyankha ku katundu amene yasenzetsedwa. Pofuna kuteteza zipangizo zotere, ogawa magetsi amazimitsa madera ena m'mawa ndi madzulo ngakhale masiteshoni akupanga mphamvu yokwanira.

Zizindikiro zake zimaoneka. Mababu akamachita chizimezime madzulo aliwonse, ndiye kuti mzere wanu walemedwa. Nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ikakhala mumdima pamene zina zikuwala, nthawi zambiri yapsa ndi fyuzi imodzi, chifukwa thiransifoma imatulutsa mawaya atatu amoto ndipo nyumba zimagawidwa pa mawayawo. Choopsa kwambiri ndi pamene mababu ena awala mopyola muyeso ena akuchita mdima: zimenezi zimasonyeza kuti waya wachinayi, wotchedwa nyutulo, waduka kapena wabedwa ndi akuba kopa, ndipo soketi ikhoza kulandira mavolti oyandikira 400. Zikatero zimitsani swichi yaikulu nthawi yomweyo, n'kukanena kwa amene amakugulitsani magetsi, kaya ndi City Power kapena Eskom monga zilili ku Soweto.

Palinso kuzima kuja kobwera patangopita mphindi zochepa magetsi atayaka. Pa nthawi wamba magiza ndi mafiriji a m'dera amayaka mosinthana, koma akakhala maola anayi opanda magetsi, magiza onse amakhala atazizira ndipo mafiriji onse atafunda, choncho zonse zimakoka nthawi imodzi, n'kugwetsa buleka ya kusiteshoni. Buleka yotereyi nthawi zambiri imafuna mmisiri apite kukaidzutsa, ndipo ngati katunduyo akadalipo imagwanso. N'chifukwa chake magetsi akazima ndi bwino kutsitsa buleka ya giza pabolodi ya m'nyumba, kuzimitsa hita ndi mbaula, n'kusiya babu limodzi lokha lokudziwitsani. Akayaka, dikirani kanthawi musanayatse zolemerazo, ndipo muziyatse chimodzichimodzi, giza ikhale yomaliza.