MCV yotsika si umboni wa kuchepa kwa ayironi

"Amati MCV ikatsika basi ndi kuchepa kwa ayironi, yankho ndi kupereka mapiritsi. N'zoona?"

Ayi, ndipo mphekesera imeneyi imalepheretsa ophunzira ambiri mayeso. Munthu wobadwa ndi chibadwa cha thalasemiya nayenso amakhala ndi maselo a magazi ofiira ang'onoang'ono, MCV yake, muyeso wa kukula kwa maselowo, pansi pa 80 fL.

Poyang'ana ndi pa RBC, chiwerengero cha maselowo. Ayironi akachepa, mafuta a m'mafupa amasowa chopangira himogulobini, Hb mwachidule, choncho maselo amachepa kukula ndi kuchuluka komwe. Amakhalanso osiyanasiyana misinkhu chifukwa vutolo limakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake RDW, muyeso wa kusiyana kwa misinkhuko, imakwera. Pa thalasemiya thupi limapanga maselo ochuluka, aang'ono koma ofanana.

Tiyerekeze funso lakupatsani Hb 11.5 g/dL, MCV 63, RBC 5.8 ndi RDW 14. Onani mmene MCV yagwera pamene Hb yangotsika pang'ono. Tsopano gawani MCV ndi RBC, njira ya Mentzer:

```
63 / 5.8 = 10.9
```

Yankho likakhala pansi pa 13 limaloza thalasemiya, likapitirira 13 limaloza kuchepa kwa ayironi.

Komatu kuloza si kutsimikiza. Yezani feritini, yomwe imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, mukukumbukira kuti malungo kapena kutupa kulikonse kumaikweza n'kubisa vutolo. HbA2, mtundu wina wa himogulobini, ikaposa 3.5% imasonyeza thalasemiya ya beta, koma pa ya alufa, yomwe ndi yofala kuno kwathu, HbA2 siikwera.

Chimene chimandiwawa n'kuona munthu akumwa mapiritsi a ayironi miyezi ndi miyezi, MCV ili pomwepo, wina osafunsa chifukwa chake.