Kuchuluka kwa anthu ofunsidwa sikukonza sampulo yokondera

Wophunzira wina anafunsa za sampulo yake, kutanthauza anthu amene anawafunsa kuti aimire mzinda wonse: "Ndafunsa anthu 500 mu msika wa Limbe za vuto la madzi mu Blantyre. Chiwerengero chimenechi si chokwanira kuimira mzinda wonse?"

Ayi ndithu. Ophunzira ambiri amaganiza kuti anthu akachuluka, zotsatira zake n'zoona basi. Koma taganizani amene munawapeza pamsika Lachiwiri m'mawa: ogulitsa tomato, makondakitala a minibasi, amayi odzagula ndiwo. Wogwira ntchito mu ofesi kapena gogo wa ku Chilomoni amene sayendayenda analibe mwayi uliwonse wosankhidwa. Ngakhale mutafunsa 5,000 pamalo omwewo, anthu amenewa simuwapezabe.

Chimene chimapusitsa n'chakuti mukabwereranso sabata yamawa, mayankho adzafanana ndi oyamba aja. Kumeneko ndi kudalirika chabe, osati kulondola. Sikelo yakuba ya pabutchala imaonetsa kilo imodzi tsiku lililonse pomwe nyama ndi magalamu 900.

Bola mabanja 200 osankhidwa mwamaere. Gawani mzinda m'magulu, monga Ndirande ndi Bangwe mbali ina, Namiwawa ndi Nyambadwe mbali ina, chifukwa kapezedwe ka madzi n'kosiyana. Ngati kadera kali ndi nyumba 400 ndipo mukufunapo 20, ndiye kuti muzitenga nyumba imodzi pa nyumba 20 zilizonse, choncho chitani maere pa nambala 1 mpaka 20. Ikatuluka 7, lowani nyumba ya 7, ya 27, ya 47, mpaka kumapeto. Mukapeza pakhomo potseka, mubwerenso madzulo, osangolowa kwa aneba.