Tsamba la gulu la katundu lisalimbane ndi masamba a katundu wake pa Google

Munthu akalemba pa Google kuti `solar panels Blantyre`, amakhala asanasankhe choti agule, ndipo akufuna kuona mitundu imene ilipo ndi mitengo yake. Koma amene walemba kuti `100W monocrystalline solar panel` wasankha kale, akungofuna kudziwa kumene angaipeze. Sitolo ya pa intaneti iyenera kulandira woyambayo pa tsamba la gulu, pamene mapanelo onse aikidwa pamodzi, ndipo wachiwiriyo pa tsamba la panelo imene akufunayo. Pa zinthu zimene zimathandiza Google kusiyanitsa masamba awiriwa, chimene mwini sitolo angachikonze msanga ndi mutu wolembedwa mu `<title>`, umene nthawi zambiri ndiwo umaoneka pa zotsatira.

Tiyerekeze kuti sitolo ya ku Limbe ikugulitsa mapanelo a sola a 50W, 100W ndi 200W. Vuto limayambira pa chikombole cha mitu chimene wopanga webusaiti amachiika kamodzi n'kuchiiwala. Ngati chikombolecho chimayambitsa mutu uliwonse ndi dzina la gulu, masamba onse anayi amayamba mofanana:

```
Solar Panels Blantyre | Dzina la Sitolo
Solar Panels Blantyre - 100W | Dzina la Sitolo
```

Apa Google ikuona masamba angapo onena chinthu chimodzi, choncho lero ionetsa tsamba la gulu, mawa la panelo ya 100W. Ena amaganiza kuti chimenechi ndi chilango, koma si choncho. Kuluza kwake kuli pakuti kasitomala amene amafuna kuyerekeza mitengo amafikira pa panelo imodzi, mwinanso yoti inatha m'sitolo, ndiye amabwerera n'kupita kwa wina.

Musanasinthe kanthu, tsimikizani kuti vutoli lilipodi. Mu Google Search Console, chida cha Google choonetsa mmene webusaiti yanu ikuonekera pa zotsatira, tsegulani `Performance`, musefe ndi mawu akuti `solar panels Blantyre` okhawo pa `Query`, kenako muone `Pages`. Ngati tsamba la gulu likutenga pafupifupi onse odina, palibe chokonza. Ngati masamba atatu kapena anayi akugawana, ndipo mukayerekeza mwezi uno ndi watha wotsogola wasintha, masamba anu akulimbana. Sitolo yaing'ono imakhala ndi ofufuza ochepa, choncho onani miyezi itatu, chifukwa sabata imodzi ikhoza kukunamizani.

Kukonza kwake ndi kugawa mawu. Tsamba la gulu litenge dzina la katundu yense ndi dzina la mzinda, pamene tsamba la katundu mmodzi liyambe ndi chimene chimamusiyanitsa ndi anzake, monga mphamvu, mtundu kapena dzina la kampani yopanga:

```
Solar Panels in Blantyre: 50W to 200W | Dzina la Sitolo
100W 12V Monocrystalline Solar Panel | Dzina la Sitolo
```

Mawu akuti `solar panel` sanachotsedwe pa mutu wachiwiri, ndipo sayenera kuchotsedwa, popeza katunduyo ndi panelo basi. Chachoka ndi dzina la mzinda, ndipo 100W yabwera kutsogolo. Onaninso kuti tsamba la gulu latchula malire a kukula kwa mapanelo osati panelo iliyonse payokha. Eni sitolo ambiri amafuna kuthithikiza mayina onse m'mutu wa gulu, koma kutero n'kulanda mawu a masamba ang'onoang'ono, komanso mutu ukapitirira zilembo pafupifupi 60 umadulidwa pa zotsatira. Mutu waukulu wa pa tsambapo, wa `<h1>`, ugwirizane ndi `<title>`, chifukwa kuyambira mu 2021 Google imalemba yokha mutu wina kawirikawiri ikaona kuti wanuwo sukuyenera, ndipo `<h1>` ndi amodzi mwa malo amene imatengako mawu.

Ndemanga ya mu `meta description`, imene imaoneka pansi pa mutu pa zotsatira, siikweza tsamba, monga Google inanenera mu 2009, koma imakopa munthu kuti adine. Pa tsamba la gulu lembani zokhudza katundu yense m'zilembo pafupifupi 155: kuti muli ndi mapanelo oyambira 50W, kuti mumaperekera ku Chilomoni, Ndirande ndi Bangwe, ndiponso kuti mumalandira Airtel Money ndi Mpamba. Ine sindilimbikitsa kulembamo mtengo, chifukwa mitengo ya katundu wochokera kunja imasintha msanga, ndipo ndemanga yakale imatsala pa Google kwa masiku angapo.

Pali njira ina yachidule imene ndiyoopsa. Ena amaika `rel="canonical"` pa tsamba la panelo n'kulozera ku tsamba la gulu, poganiza kuti akuliwonjezera mphamvu. Chizindikirochi chimatanthauza kuti masamba awiriwo ndi amodzi, ndipo Google ikachitsatira, tsamba la panelo ya 100W limasowa pa zotsatira. Malo ake oyenera ndi masamba amene amabadwa kasitomala akasanja katundu, monga a `?orderby=price` mu WooCommerce, pulogalamu yopangira sitolo ya pa intaneti, amene ndi tsamba la gulu lomwelo lasanjidwa mwina. Pa tsamba la panelo, ikani linki wamba yobwerera ku gulu, yolembedwa kuti `Solar Panels`, ndipo mudikire masabata angapo musanaonenso mu Search Console.