Kodi kuchotsa munthu pachithunzi ndi chinyengo nthawi zonse?

"Ndinauzidwa kalekale kuti kufufuta munthu pachithunzi ndi bodza basi. Kodi nzoona?"

Ayi, si nthawi zonse, chifukwa nkhani yagona pa ntchito imene chithunzicho chikukagwira. Ngati akwati ajambulitsa kutsogolo kwa tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndipo munthu wongodutsa waonekera kumbuyo atanyamula jumbo, kumuchotsa sikunamiza aliyense, pakuti chithunzicho nchokumbukira ukwati, osati umboni wa amene analipo.

Zimasintha chithunzi chikalowa m'nyuzipepala kapena m'khoti. Tiyerekeze kuti minibasi yagunda njinga ku Limbe, ndipo wojambula wafufuta mayi amene anaima pambali ponena kuti akuipitsa chithunzi. Mayiyo mwina ndiye mboni, kapenanso ndiye anachititsa kuti dalaivala akhote mwadzidzidzi, choncho oona akhulupirira kuti pamsewupo panalibe munthu. Ngakhale kungodula m'mbali kungasocheretse chimodzimodzi. Pofuna kuteteza mwana, ndi bwino kubisa nkhope yake moonekeratu, kusiyana ndi kumuchotsa mwakachetechete.

Chithunzi chosinthidwa chimadziulula ndi mthunzi wopanda mwini kapena njerwa zobwerezabwereza pakhoma, koma luso likachuluka zizindikirozi sizioneka, nchifukwa chake wofufuza amafuna chithunzi choyambirira cha m'foni kapena m'kamera.