Pepala Likakuuzani Kuti 0 = 5: Kusankha Maonekedwe a Yankho Lapadera

Aliyense wophunzira uinjiniya kapena fizikisi kuno ku Joni, kaya ndi ku Wits, ku UJ, kapena pa Unisa akaweruka kuntchito, tsiku lina amakumana ndi ikweshoni yooneka chonchi:

y'' − 3y' + 2y = g(x)

Pano y ndi chinthu chimene chikusintha, y' ndi liwiro la kusinthako, ndipo y'' ndi mmene liwirolo likusinthira. Mbali ya kumanzere ikufotokoza chibadwa cha chinthucho, monga sipuling'i kapena seketi ya magetsi. Mbali ya kumanja, g(x), ndi mphamvu yochokera kunja imene ikuchikankha. Yankho lathunthu limakhala ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi yankho la homojiniyasi, lomwe limasonyeza zimene chinthucho chimachita chikasiyidwa chokha, kumanja kuli ziro. Gawo lachiwiri ndi yankho lapadera, losonyeza mmene chikuyankhira mphamvu yakunja ija. Njira ya makoefishenti osadziwika ndi yopezera gawo lachiwirili. Mumayamba mwalosera maonekedwe a yankho, n'kusiya malo a manambala ali ndi zilembo A ndi B, kenako ikweshoni yomweyo imakuuzani manambalawo.

Ndimaphunzitsa masamu amenewa kwa ophunzira achimalawi Loweruka lililonse ku Braamfontein, ndipo chimene ndaona n'chakuti ambiri salakwa powerengera. Amalakwa mzere woyamba weniweniwo, posankha maonekedwe. Mankhwala ake ndi amodzi: musalosere kanthu musanapeze yankho la homojiniyasi.

Tiyambe ndi ikweshoni ili pamwambayi. Mukaika y = e^(rx) kumanzere, mumapeza (r² − 3r + 2) kuchulukitsa ndi e^(rx). Tiyeni r² − 3r + 2 timutche p(r). Manambala amene amachititsa p(r) kukhala ziro, omwe timawatcha mizu, ndi 1 ndi 2. Choncho yankho la homojiniyasi ndi C₁e^x + C₂e^(2x). Lembani zimenezi pakona ya pepala ndipo muzizungulize ndi pensulo, chifukwa muzibwererako.

Tsopano tinene kuti g(x) = 4e^(3x). Derivetivu ya e^(3x) ndi e^(3x) yemweyo, kungoti nambala 3 yabwera kutsogolo. Ndiye n'zomveka kulosera y = Ae^(3x). Mukaika mu ikweshoni mumapeza 9A − 9A + 2A = 4, ndiye kuti A = 2, ndipo yankho lapadera ndi 2e^(3x). Palibe chovuta apa.

Maganizo ake ndi omwewo pa mitundu ina. Cholosera chanu chiyenera kukhala ndi g(x) pamodzi ndi zonse zimene zimabadwa mukamatenga maderivetivu ake. Kumanja kukakhala x², derivetivu yake imabala x, kenako nambala wamba, ndiye mumalosera Ax² + Bx + C ngakhale kuti funsolo langoonetsa x² yekha. Kukakhala saini, kosaini amabwera nawo. Taonani g(x) = 10 sin x pa ikweshoni yathu yomweyi. Wolosera B sin x yekha amatsala ndi −3B cos x yemwe alibe mnzake womufafaniza. Koma mukalosera A cos x + B sin x, mbali ya kosaini imapereka A − 3B = 0, mbali ya saini imapereka 3A + B = 10, ndipo mumapeza A = 3, B = 1. Yankho ndi 3 cos x + sin x. Onani kuti kosaini, yemwe kumanja kunalibe, ndi amene watenga gawo lalikulu.

Tifike tsopano pamene pagona nkhani. Sinthani kumanja kukhale 5e^(2x). Mwachizolowezi dzanja limathamangira kulemba y = Ae^(2x). Mukaika mu ikweshoni: 4A − 6A + 2A = 5. Kumanzere kwatha psiti, kwatsala 0 = 5.

Mtsikana wina amene amagwira ntchito mu saluni masana n'kumawerenga usiku anandibweretsera pepala lofufutidwa mpaka kubooka pamzere umenewu. Anati, "Aphunzitsi, ndabwereza kambirimbiri koma A akungosowa. Kodi ndikuphonya chizindikiro pati?" Sanaphonye chizindikiro chilichonse. Kuwerengera kwake kunali kolondola, ndipo 0 = 5 ameneyo ndi uthenga woona wochokera ku ikweshoni. Yang'anani pakona paja: e^(2x) alimo kale mu yankho la homojiniyasi. Tanthauzo la kukhala m'menemo ndi lakuti mbali ya kumanzere imamusandutsa ziro. Chinthu chimene kumanzere kumachisandutsa ziro sichingabale 5e^(2x), kaya A akhale wamkulu bwanji.

Zikatero timachulukitsa cholosera ndi x, n'kuyesa y = Axe^(2x). Tiyeni tiwerengere bwinobwino.

y = Axe^(2x)
y' = A(1 + 2x)e^(2x)
y'' = A(4 + 4x)e^(2x)

Mukaika mu y'' − 3y' + 2y, mbali zokhala ndi x zimapereka 4 − 6 + 2, yemwe ndi ziro. Mbali zopanda x zimapereka 4 − 3, yemwe ndi 1. Chotsala ndi Ae^(2x) = 5e^(2x), choncho A = 5 ndipo yankho lapadera ndi 5xe^(2x).

Sindikonda kuti wophunzira angoloweza kuti "chulukitsa ndi x" osadziwa chifukwa, poti chifukwacho n'chachifupi komanso chimathandiza pa mayeso. Mukaika xe^(rx) kumanzere, nthawi zonse mumapeza zinthu ziwiri: p(r) kuchulukitsa ndi xe^(rx), kuphatikiza p'(r) kuchulukitsa ndi e^(rx). Ngati r ndi muzu, choyambacho chimafa ndipo chimatsala ndi chachiwiri, chomwe chili ndi maonekedwe enieni amene tikufuna. Kwa ife p'(r) = 2r − 3, ndipo pa r = 2 ndi 1, nambala yomwe ija tinaipeza powerengera. Ndiye muli ndi poyesera ntchito yanu: kukaphatikizana chonchi, mbali zokhala ndi x ziyenera kufafanizika zonse. Zikapanda kutero, pali derivetivu imene yalakwika.

Chifukwa chomwechi chikutiuza nthawi imene x mmodzi sakwanira. Tengani y'' − 4y' + 4y = 6e^(2x). Apa p(r) = (r − 2)², muzu 2 wabwera kawiri, ndipo yankho la homojiniyasi lili ndi e^(2x) komanso xe^(2x). Pa r = 2, p(r) ndi ziro ndipo p'(r) nayenso ndi ziro, ndiye Axe^(2x) amasowanso ngati poyamba paja. Muyenera kukwera mpaka Ax²e^(2x), yemwe amabala 2Ae^(2x), choncho A = 3. Muzu ukabwera kamodzi chulukitsani ndi x, ukabwera kawiri chulukitsani ndi x². Pa ikweshoni yofika pa y'' basi, chochulukitsira sichidzapitirira x², chifukwa mizu ilipo iwiri yokha.

Pali kulakwa kwina kumene ndimakuona ngakhale kwa ophunzira akhama kwambiri. Tibwerere ku ikweshoni yoyamba, kumanja kukhale xe^(2x). Cholosera choyambirira ndi (Ax + B)e^(2x). Wophunzira amaona kuti Be^(2x) yekha ndi amene ali mu yankho la homojiniyasi, ndiye amachulukitsa B yekhayo ndi x. Zotsatira zake ndi Axe^(2x) + Bxe^(2x), zomwe kwenikweni ndi chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri, ndipo sichingabale xe^(2x) wa kumanja uja. Muyenera kuchulukitsa gulu lonse: (Ax² + Bx)e^(2x). Mukaika mu ikweshoni mumatsala ndi 2Ax + 2A + B = x, choncho A = 1/2 ndi B = −1. Koma gulu lonse likutanthauza gulu la muzu umenewo basi. Kumanja kukakhala 5e^(2x) + 4e^(3x), mumalosera Axe^(2x) + Be^(3x). Wachiwiriyo musamukhudze, 3 si muzu.

Mwina mukufunsa ngati x ameneyu ali ndi tanthauzo kunja kwa pepala. Ali nalo. Tengani y'' + 9y = 12 cos 3x, pamene x ndi nthawi. Kumanzere kukufotokoza chinthu chimene chimagwedera chokha ngati cos 3x ndi sin 3x, ndipo mphamvu yakunja ikuchikankha pa liwiro lomwelo. Cholosera ndi x(A cos 3x + B sin 3x), ndipo mukawerengera mumapeza A = 0, B = 2, yankho n'kukhala 2x sin 3x. Nthawi ikamapita, x wakutsogoloyo amakula, ndipo kugwedera kumakulirakulira. N'chimodzimodzi ndi kukankha mwana pa katungwe: mukamakankha pa nthawi yeniyeni imene katungweyo akubwerera, ngakhale pang'onopang'ono, mwana amakwera m'mwamba kwambiri. Mainjiniya amati imeneyi ndi rezonansi, ndipo amaisamala kwambiri popanga milatho, makina ozungulira ndi maseketi. Pa zinthu zenizeni pamakhala kukhuzana kumene kumabweza kukulako, ndipo mu ikweshoni kumaoneka ngati mbali ya y'.

Mbali ya y' imeneyi imabweretsa msampha wina, woona kuphatikizana pamene palibe. Pa y'' + 2y' + 5y = cos 2x, mizu ndi −1 + 2i ndi −1 − 2i, ndipo yankho la homojiniyasi lili ndi e^(−x)cos 2x ndi e^(−x)sin 2x. Diso limaona cos 2x uku ndi uku n'kufuna kuika x. Ayi, cos 2x wopanda e^(−x) ndi chinthu china. Muzu umene ukanabala cos 2x payekha ukanakhala 2i, osati −1 + 2i. Cholosera chimangokhala A cos 2x + B sin 2x. Njira yosaphonya ndi kufunsa kuti g(x) akuimira nambala iti, n'kuyang'ana ngati nambalayo ndi muzu. Kwa e^(ax) nambalayo ndi a, kwa cos bx kapena sin bx ndi bi, kwa e^(ax)cos bx ndi a + bi. Kwa polinomiyo kapena nambala wamba ndi 0, ndipo apa m'pamene ambiri amaiwala. Pa y'' + y' = 6, mizu ndi 0 ndi −1, ndiye kulosera y = A kumabala 0 = 6. Cholondola ndi Ax, ndipo yankho ndi 6x.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira pokhapokha manambala a kumanzere akhale osasintha, monga −3 ndi 2 aja, komanso kumanja kukhale polinomiyo, ekisiponenti, saini, kosaini, kapena zimenezi zitachulukitsidwa kapena kuphatikizidwa. Zimenezi zokha ndi zimene maderivetivu ake amabwerera m'gulu lomwelo. Mukayesa tan x, ln x kapena 1/x, derivetivu iliyonse imabala chinthu chatsopano ndipo cholosera sichidzatha. Pamenepo mumafunika njira ina, ya kusintha maparamita, imene imagwiritsa ntchito maintegiro ndipo nayonso imayambira pa yankho la homojiniyasi.